Mkono wa shati watuluka bwino koma zala zaonongeka

"Ndine telala, ndinajambula kasitomala atavala shati ya manja aafupi ndiye ndikufuna ndimuonetse mmene ingaonekere ya manja aatali. Ndikapanga inpaint mu Stable Diffusion nsalu ikutuluka bwinobwino, koma zala zikumakhala 6 ndipo khafu ikumamira pakhungu. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, vuto lili pa masiki yanu, penti imene mumapaka posonyeza pomwe makina ajambulenso, yafika padzanja. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yoyendetsera Stable Diffusion, AI yojambula zithunzi ija, malo amene simunapente amabwezeredwa mmene analili, ndiye ngati zala zasintha ndiye kuti burashi inadutsapo, olo pang'ono chabe. Ndipo Denoising strength, yomwe imauza makina kuti asinthe chithunzi mochuluka bwanji, ikakhala pa 0.75 pomwe imayambira paja, makinawo sakukonza dzanja la kasitomala wanu ayi, akujambula lina latsopano.

Chifukwa chake amalephera zala ndi ichi. Stable Diffusion imayamba yachepetsa chithunzi ka 8 mbali zonse, cha 512 chimasanduka timabokosi 64 mlitali 64 mlifupi. Munthu akajambulidwa thupi lonse chala chimangokhala mapikiselo mwina 10, kabokosi kamodzi basi, ndiye palibe malo osiyanitsira chala ndi chinzake, nchifukwa chake zimamatana kapena kuchuluka.

Ine dzanja sindilipereka kwa makina. Pentani masiki kuchokera paphewa nkuimira pamwamba pang'ono pa malo ovala wotchi, mutulutse mkono wokha kaye. Ngati mkono munaukonda kale koma dzanja linaonongeka musayambirenso, tsegulani chithunzi chatulukacho mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, ikani chithunzi choyambirira ngati leya yapamwamba, muipatse masiki yakuda kenako mupente zoyera padzanja pokha. Zala zenizeni zabwerera, ndi mphete yomwe.

Khafu ndiye imafuna ulendo wakewake, ndipo apa mpomwe ambiri amathamanga. Mu GIMP momwemo tengani mtundu wa nsaluyo ndi Color Picker mujambule nokha kalamba kozungulira povala wotchi, kaphimbe khungu pang'ono, olo kaoneke koipa zilibe kanthu. Pansi pake ikani kamzere kakuda pang'ono ka mthunzi, popanda mthunzi umenewu khafu imaoneka ngati yomata ndi guluu, inu atelala mudzaona msanga. Mukatero bwererani mu AUTOMATIC1111, pentani masiki pakalambako pokha, Masked content ikhale original, Inpaint area ikhale Only masked kuti kamaloko kakulitsidwe kasanajambulidwe, padding muikweze kuchoka pa 32 kufika 64 kuti makina aone komwe dzanja laloza, Denoising strength 0.4.

Zikatuluka penti yanu ikuonekabe mmene munaipakira, kwezani kufika 0.5. Mukaona wotchi kapena chibangili chomwe kunalibe, kapena khafu yayambanso kusungunukira pakhungu, mwakweza kwambiri, bwererani pansi. Mask blur, yomwe imafewetsa m'mphepete mwa masiki, isiyeni pa 4, ikakula imadonthera pachala chachikulu.

Pomwe njirayi imavuta ndi pamene kasitomala wapinda manja pachifuwa, zala zili pamwamba pa mkono womwe mukusinthawo. Pamenepo mumujambulenso basi, manja ali pansi atatalikirana pang'ono ndi thupi.