Chifukwa chake timachulukitsa ndi 4, ndi nthawi imene njira ya Romberg imakana kugwira ntchito

"Ndili chaka chachiwiri cha uinjiniya. Tinaphunzira kuti tikapeza mayankho awiri a lamulo la tirapeziyamu, tichulukitse lachiwiri ndi 4, tichotse loyamba, ndipo tigawe ndi 3. Ndinaloweza, koma sindikumvetsa kumene 4 ameneyu akuchokera. Komanso nditayesa pa √x kuchokera pa 0 kufika pa 1, yankho silinawongokere monga ndimayembekezera. Ndalakwitsa pati?"

Nambala 4 siichokera mu lamulo la tirapeziyamu lenilenilo, koma m'mene lamulolo limaphonyera yankho. Fankishoni ikakhala yosalala, kutanthauza kuti ili ndi maderivetivi ambiri osadukiza pa malo onse amene mukuwerengera, kuphonyako kumakhala ndi dongosolo ili, lochokera mu fomula ya Euler ndi Maclaurin:

```
T(h) = I + c1·h² + c2·h⁴ + c3·h⁶ + ...
```

Apa T(h) ndi yankho la tirapeziyamu, I ndi yankho lenileni, h ndi kutalika kwa chigawo chimodzi, ndipo c1, c2 ndi c3 sizidalira h. Mukadula h pakati, gawo la h² limachepa kanayi, choncho T(h/2) ili ndi kota chabe ya kuphonya kumene kuli mu T(h). Mukachulukitsa T(h/2) ndi 4 ndi kuchotsa T(h), magawo awiri a c1·h² amafafanizana, ndipo mumatsala ndi I katatu, n'chifukwa chake mumagawa ndi 3. Simufunika kudziwa kuti c1 ndi zingati. Mumangofunika kudziwa kuti kuphonyako kukutsatira h². Ganizo limeneli limadziwika ndi dzina la Lewis Fry Richardson, ndipo Werner Romberg ndiye analigwiritsa ntchito mobwerezabwereza pa lamulo la tirapeziyamu m'chaka cha 1955.

Tiyeni tiyese pa 1/x kuchokera pa 1 kufika pa 2, pamene yankho lenileni ndi ln 2, kapena kuti 0.6931472. Ndi chigawo chimodzi timapeza 0.75. Podula pakati simuyambanso kuwerengera malo akale: tengani theka la yankho lakale, ndipo muwonjezere h watsopano wochulukitsidwa ndi chiwonkhetso cha fankishoni pa malo atsopano okha. Motero ndi zigawo ziwiri timatenga 0.375, kuwonjezerapo 0.5 kuchulukitsa ndi 1/1.5, ndipo zimatipatsa 0.7083333. Ndi zigawo zinayi, malo atsopano ndi 1.25 ndi 1.75, ndipo yankho ndi 0.6970238. Ndi zigawo zisanu ndi zitatu timapeza 0.6941219.

```
h       T           (4,3)       (16,15)     (64,63)
1       0.7500000
0.5     0.7083333   0.6944444
0.25    0.6970238   0.6932540   0.6931746
0.125   0.6941219   0.6931545   0.6931479   0.6931475
```

Tikawerenga kuyambira pa mzere wa T, mzere wotsika wachiwiri ndi umene munaloweza, ndipo mukawuyang'anitsitsa mupeza kuti ndi lamulo la Simpson ndendende. Mmenemo gawo la h² latha, ndipo lotsogola tsopano ndi la h⁴, limene limachepa ka 16 tikadula h pakati. N'chifukwa chake mzere wachitatu umachulukitsa ndi 16 ndi kugawa ndi 15, ndipo wachinayi umachulukitsa ndi 64 ndi kugawa ndi 63. Cholakwa chimene ophunzira amachita kawirikawiri pa mayeso ndi kugwiritsanso 4 ndi 3 pa mizere yonse, ndipo chimachitika ndithu kwa munthu amene analoweza manambala osadziwa gwero lake. Taonani phindu lake: yankho lomaliza laphonya ndi pafupifupi 0.0000003, pamene tawerengera fankishoni pa malo 9 okha. Lamulo la tirapeziyamu palokha likadafuna zigawo zoposa 450 kuti lifike pomwepo.

Tsopano tibwere ku √x wanu, chifukwa pamenepa ndi pamene ndikufuna mukhalepo nthawi. Mosakayikira simunalakwitse kuwerengera. Vuto ndi lakuti derivetivi ya √x, yomwe ndi 1/(2√x), imakula mopanda malire mukamayandikira 0, ndipo potero dongosolo lija la h², h⁴ ndi h⁶ silikhala lokwanira. Gawo lotsogola la kuphonya limatsatira h^1.5, limene limachepa pafupifupi ka 2.83 tikadula h pakati, osati kanayi. Ndiye kuti pochulukitsa ndi 4 munali kufafaniza gawo lina, pamene lalikulu lenileni linatsala, ndipo limatsalabe mu mzere uliwonse wa tebulo. Yankho limawongokera pang'ono, koma liwiro limene likuyandikira nalo yankho lenileni silisintha, ngakhale mutawonjezera mizere ingati.

Chosangalatsa n'chakuti mungathe kuzindikira zimenezi musanadziwe yankho lenileni, ndipo ichi ndi chizolowezi chimene ndikukupemphani mukhale nacho. Pezani kusiyana kwa mayankho otsatizana a tirapeziyamu, kenako mugawe kusiyana kulikonse ndi kotsatira kwake. Pa 1/x kusiyanako ndi 0.041667, 0.011310 ndi 0.002902, ndipo kugawako kukupatsani 3.68 ndi 3.90, manambala amene akukwera kulunjika pa 4. Pamenepo muli ndi chilolezo chopitiriza. Pa √x mayankho a tirapeziyamu ndi 0.500000, 0.603553, 0.643283 ndi 0.658130, kusiyana kwake ndi 0.103553, 0.039730 ndi 0.014847, ndipo kugawako kukupatsani 2.61 ndi 2.68. Manambala amenewa akukwera mwakachetechete kulunjika pa 2.83, ndipo pa 4 sadzafikapo. Mzere wachiwiri umayesedwanso chimodzimodzi, kungoti pamenepo mumayembekezera 16.

Mankhwala ake pa funso lanu ndi kusintha chilembo chowerengera. Ikani x = t², kotero kuti dx = 2t dt, ndipo zimene mukuwerengera zisanduka 2t² kuchokera pa 0 kufika pa 1. Ndi chigawo chimodzi tirapeziyamu ikupatsani 1, ndi zigawo ziwiri ikupatsani 0.75, ndipo (4 × 0.75 − 1)/3 ndi 2/3, limene ndi yankho lenileni popanda kuphonya kulikonse. Ngati vuto lili pakati, monga pamene fankishoni ikuthyoka kapena kudumpha, dulani malowo pawiri pomwe pali vutopo, ndipo mbali iliyonse muipangire tebulo lake.

Pali chenjezo lina limene lidzakukhudzani kwambiri mukadzayamba ntchito kusiyana ndi m'kalasi. Njirayi imadalira kusiyana kwakung'ono pakati pa manambala oyandikana, choncho mukadula manambalawo pa madesimo atatu pamene mukufuna yankho lolondola pa madesimo asanu ndi limodzi, mizere yakumanja idzakhala yopanda tanthauzo. N'chimodzimodzinso ndi manambala ochokera ku chida choyezera: ngati chidacho chimaphonya pa desimo yachitatu, tebulo la Romberg silingabweze zimene chidacho sichinayeze, ndipo ine ndikadaima pa mzere wa Simpson. Mukamalemba pulogalamu, musaiuze kuti iime msanga chifukwa choti mayankho awiri oyambirira afanana. Fankishoni ya sin²(2πx) kuchokera pa 0 kufika pa 1 imapereka 0 ndi chigawo chimodzi komanso ndi zigawo ziwiri, pamene yankho lenileni ndi 0.5, choncho lamulani kuti pulogalamuyo idule h pakati kangapo isanayambe kuyerekeza mayankho.