Kutumizira mwana wa sukulu ndalama za pamwezi reti ikungosinthasintha

"Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamkazi wayamba sukulu ku India, fizi tinalipira kale koma ya lendi ndi chakudya ndikuyenera kutumiza mwezi ndi mwezi. Ine ndili ku Mangochi kuno, ndimagulitsa nsomba zouma. Nanga ndizisunga makwacha angati pamwezi poti retiyi siyikhazikika?"

Mayi, chinthu choyamba musiye kaye kuwerengera mmakwacha. Lendi ya mwanayo alandilodi amafuna marupi, kumsika akugulanso mmarupi, ndiye bajeti iyambire komweko. Mumuuze alembe chilichonse chomwe wagula kwa mwezi wathunthu, osati zongoganizira ayi, akutumizireni pa foni. Tiyerekeze wapeza kuti lendi ndi 9,000, chakudya 10,000, thiransipoti ndi mayunitsi 3,000, sopo, mankhwala ndi zapulinta 3,000, zonse pamodzi marupi 25,000. Nambala imeneyi ndi yomwe siyigwedezeka mwezi ndi mwezi, makwachawo ndi omwe azivina mozungulira iyoyo.

Ndiye dziwani kuti ndalama yanu imasinthidwa kawiri. Kuno banki ikugulitsani madola, kenako banki ya uko isintha madolawo kukhala marupi pa reti yakeyake. Tingoyerekeza kuti tsikulo dola imodzi ikupereka marupi 85, ndiye 25,000 ija ndi madola 294, tinene 300 kuti pakhale kampata. Pa reti ya kubanki ya K1,751 yomwe inabwera mu Malichi 2024, madola 300 ndi K525,300. Reti yatsikulo muzifunsa nokha kubanki, ndipo muzifunsa yomwe iwo akugulitsira dola, chifukwa pabolodi paja pamakhala ziwiri, yogulira ndi yogulitsira, ndipo yanu ndi yokwerayo.

Pano ndi pomwe ndikufuna mumvetse bwinobwino. Kwacha yathu kubanki siyitsika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku ayi, imakhala phee miyezi yambiri kenako mungodzuka mmawa mwamva pa wailesi kuti Reserve Bank yaigwetsa. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Kholo lomwe linkagula madola 300 ndi K354,000 linapezeka likufunika K510,000 pa madola omwewo, mwana sanawonjezere ngakhale tomato mmodzi pa chakudya chake. Ndiye mukamapanga bajeti musaikepo ndendende, onjezani kota pamwamba. Pa K525,300 paja muzipatula K657,000 mwezi uliwonse. Yowonjezerayo ndi pafupifupi K131,000, ndipo ikakwana miyezi inayi yakwana ndalama ya mwezi wathunthu.

Koma ndalama yapaderayo musaigoneke mmakwacha, kaya ku akaunti kaya kubanki mkhonde, poganiza kuti ikutetezani. Kwacha ikagwa nayonso yagwa limodzi. Muziyiphatikiza pa pempho lotsatira la foleksi kuti ikafike uko, ikakhale mu akaunti ya mwanayo ili marupi kale. Cholinga ndi choti mwana azikhala ndi ya mwezi umodzi kapena iwiri patsogolo nthawi zonse, mukamatumiza ya mwezi uno iye akudyabe yomwe munatumiza kale. Mugwirizane naye momveka kuti imeneyo si ya nsapato kapena foni yatsopano, ndipo kumapeto kwa mwezi azikutumizirani chithunzi cha balansi.

Chifukwa chake ndi chakuti vuto lalikulu kwathu kuno si reti yokha, ndi kusowa kwa foleksi. Mutha kukhala ndi makwacha okwana mu akaunti, mapepala onse ali bwino, koma nkuuzidwa kuti dikirani muli pamzere, ndipo masabata amatha ndithu. Reti yomwe mudzalipire nthawi zambiri ndi ya tsiku lomwe madolawo apezeka, osati tsiku lomwe munasiya fomu, ndiye funsani ku bulanchi yanu kuti iwo amatenga iti, ndipo mu akauntimo muzisiyamo yoposerako kuti pempho lisabwerere poti yaperewera. Ngati lendi ndi pa 1, fomu isamapite pa 25. Ipite mwezi wathunthu lisanafike tsikulo.

Pa mapepala, tengani kalata yomulandira kusukulu kapena yotsimikiza kuti akuphunzirabe, kope ya pasipoti ndi viza yake ya sukulu, pangano la nyumba kapena invoisi ya hositelo, chiphaso chanu chaunzika, komanso zonse za akaunti yake: dzina monga lalembedwera kubanki yake, nambala ya akaunti, dzina la banki ndi SWIFT yake, yomwe ndi kodi yozindikiritsa bankiyo potumiza ndalama pakati pa mayiko. Pangani mafotokope angapo mungosunga mu envulopu imodzi, makamaka ngati mumachokera kutali monga ku Makanjira kapena Namwera, kuti musabwerere pa Boma chifukwa cha pepala limodzi. Dzina likalakwika chilembo chimodzi chokha ndalama itha kuimitsidwa kapena kubwezedwa, ndipo ikabwerera imakhala yadulidwa kale.

Za matchaji, ndalama yotumiza pa SWIFT imadutsa mmabanki ena apakati, nawonso amatapako. Pafomu pamakhala OUR, SHA ndi BEN. Mukasankha OUR mukuti matchaji onse ndi anu, SHA mukugawana ndi wolandira, BEN onse achotsedwa pa ndalama ya mwanayo. Ambiri amangosayina osaona kenako nkumadabwa kuti atumiza 300 koma kwafika 275. Ndipo poti tchaji yotere siyitengera kwambiri kukula kwa ndalama, kutumiza kangachepe mwezi uliwonse kumadya zambiri. Tiyerekeze ulendo uliwonse pakupita madola 25: katatu ndi 75, pomwe mukatumiza 900 ya miyezi itatu kamodzi mwalipira 25 basi, madola 50 otsalawo ndi K87,550. Kwa inu a nsomba izi zikukomerani, chifukwa ndalama yanu imabwera ndi nyengo, usipa ukachuluka tumizani yochuluka, musadikire miyezi yotseka nyanja kumapeto kwa chaka pomwe bizinesi imazizira. Ngati banki yati ikupatsani gawo chabe la zomwe mwapempha, landirani, yotsalayo ikhalebe pamzere. Ikatumizidwa pemphani kope ya uthenga wa SWIFT, ambiri amautcha MT103, kuti ikachedwa mwana akaonetse kubanki yake aifufuze.

Chinanso, kuno kwathu pafupifupi banja lililonse lili ndi wake ku Joni. Ngati alipo malume ake kapena mchimwene wake amene amathandizako mwanayo, musamuuze atumize kuno kaye kuti inu mukagulenso madola, pamenepo marandi asanduka makwacha, makwacha madola, madola marupi, paliponse mukuluza komanso mwalowanso pamzere. Afunse kubanki yake komweko njira yotumizira mwachindunji ku akaunti ya mwanayo.

Anthu akubwererani ku inibokisi kuti tipatseni makwacha kuno mnzathu amupatsa mwana wanu marupi uko lero lomwe. Chonde mayi musayerekeze. Kugula foleksi kwa munthu wopanda chilolezo ndi mlandu, reti yawo ndi yokwera kutalitali kuposa ya kubanki, ndipo akathawa nayo mulibe lisiti yokaonetsa kulikonse. Choopsa china nchakuti ndalama yolowa mu akaunti ya mwana kuchokera kwa munthu wosamudziwa itha kukhala yakuba, banki nkutseka akauntiyo mwana ali kudziko la eni. Mwezi ukavutitsitsa, bola mwanayo akalankhule ndi alandilodi kapena ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulupo tsiku la lendi lisanakwane, atanyamula kope ya fomu yanu yomwe banki yadinda.