Wowina mmodzi uja walipiridwa ndi anzake 1,023

"Abale, Loweruka likubwerali ndikukayankhula ku kalabu ya achinyamata ku Area 25 pa nkhani ya malonda otsatsa kubetcha. Ndikawauze chiyani choti chiwalowe? Anyamatawa amangoti wina anawina mamiliyoni ndi K500 yokha."

Achemwali, mukatenge ndalama yachitsulo m'thumba, muitane anyamata awiri kutsogolo. Aliyense aike K1,000, wina asankhe mbali iyi, wina mbali inayo. Pa tebulo pali K2,000, ndipo mwachilungamo wopambana ayenera kutenga yonse, amenewo ndiye ma odzi a 2.00. Inu mukhale kampani, munene kuti ma odzi ndi 1.85 mbali zonse ziwiri. Ponyani ndalamayo. Wopambana mumupatse K1,850, K150 yotsalayo muike m'thumba mwanu iwo akuona. Bwerezani kasanu, aone okha kuti ndalama ikagwa uku mwadya, ikagwa uko mwadyanso. K150 imeneyo simudzaiona pa chikwangwani chilichonse, anaibisa m'kati mwa ma odzi.

Ine ndikanaona zimenezi kale, bwenzi mlongo wanga asanabwezedwe pa geti la sukulu. Mayi anandipatsa K85,000 ya fizi yake, ndalama ya chimanga chomwe anagulitsa kumudzi, kuti ndikalipire Lolemba. Loweruka ndinali mu vidiyo sho ku Kawale, m'manja muli tikiti ya magemu 10. Asanu ndi anayi anali atalowa kale. Wotsala unali bwinobwino mpaka mphindi ya 88, basi chigoli. Anthu kukuwa, mabenchi kugwa, ine chilili, tikiti itanyowa ndi thukuta moti manambala samaoneka. Inali K5,000 yokha, ndikanapita kukagona. Koma mumtima ndinkangoti ndatsala pang'ono, gemu imodzi yokha ndiyo yandidula. Ndinakhala pa khonde la golosale yotseka kale, foni yatsala pang'ono kuzima, ndikuika K10,000, kenako K20,000, pa matimu a mayiko omwe sindidziwa ngakhale komwe ali. Tambala woyamba akulira ndinali ndi K1,300. Lolemba mwana anavala yunifolomu yake yositasita, ine ndikudziwa kuti abwerako, koma pakamwa panga gwa. Nkhope ya mayi atamva sindidzaiwala. Sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Ndiye mwadya nsima, bambo?"

Ndipo mkulu wina yemwe ankatigulitsa magemu "otsimikizika" pa K2,000 mpaka lero ndimamuona m'tauni, nsapato zonyezimira. Munthu wodziwadi zotsatira za mpira angavutike n'kutolera K2,000 kwa anyamata a kabaza? Titadyedwa ankatiuza kuti sitinapirire, tionjezere. Mbava yeniyeni, yopanda ndi manyazi omwe.

Tsono nkhani ya tikiti yaitali ija muwawerengere pa bolodi, chifukwa ndi imene amaitsatsa kwambiri. Tiyerekeze magemu 10, iliyonse mwayi wake ndi theka ngati ndalama yachitsulo ija, ma odzi 1.85. Mukachulukitsa 1.85 kakhumi mupeza pafupifupi 470, ndiye K1,000 ikulonjeza K470,000. Zokoma kumva. Koma njira zomwe magemu 10 angathere zilipo 1,024, ndipo yolondola ndi imodzi. Ndiye anthu 1,024 aike K1,000 aliyense, aliyense ndi kasankhidwe kake. Kampani yatolera K1,024,000, yapereka K470,000 kwa mmodzi, yatsala ndi K554,000. Pa gemu imodzi inkadya K75 pa K1,000 iliyonse, pa magemu 10 ikudya kuposa theka, chifukwa gemu iliyonse yomwe mwaonjezera imabwera ndi kagawo kake ka kampani. Mmodzi uja ndiye amamujambula atanyamula cheke chachikulu akumwetulira. Anzake 1,023 omwe asonkha ndalamayo sawajambula.

Pagulu lomwelo anthu 10 apeza magemu 9 n'kuphonya imodzi, ngati ine usiku uja. Kuphonya imodzi si chizindikiro choti wayandikira, kumachitika kakhumi kuposa kuwina, ndipo tikiti yotsatira imayambira pomwe inayambira yoyamba. Ndikanadziwa zimenezo pa khonde paja.

Komabe musakadalire masamu okha. Kunena zoona, mnzanga wina anandiwerengerapo zofanana ndi izi ndisanataye fizi ija, ndinamuseka. Chomwe chinandisiyitsa ndi manyazi, komanso malume omwe anandilanda foni kwa miyezi iwiri. Musakawatchule kuti ndi zitsiru, adzatuluka. Osakwana zaka 18 muwauze mosapsatira kuti lamulo silikuwalola. Akuluakuluwo, amene akana kusiya, muwauze alembe m'kope ndalama iliyonse yomwe aika ndi yomwe yabwerera kwa mwezi umodzi, asakhudze ya fizi, ya lendi kapena ya katapila, ndipo akadyedwa asabwererenso tsiku lomwelo. Ngati mukufuna munthu woti akaime kutsogolo n'kufotokoza za K85,000 ija ndi pakamwa pake, ndilembereni, Loweruka ndilipo.