Chingwe chachitali pa kandulo: chikunena chiyani?

"Achimwene, ndine mnyamata wa ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndangoyamba kumene kuphunzira foreksi pa foni. Anzanga amati ukaona kandulo ya chingwe chachitali pansi, gula. Dzulo ndinaiona pa EUR/USD, ndinagula, mtengo n'kupitiriza kutsika mpaka ndalama zanga zinapita. Kodi kandulo imodzi imaonetsa chiyani kwenikweni, ndipo ndinalakwitsa pati?"

Mphwanga, tiyeni tiyambe tasiya foniyo, tipite kumsika wa Zigwagwa. Tiyerekeze kuti chidebe cha usipa wa ku Nkhata Bay chayamba m'mawa pa K20,000. Cha m'ma 10 koloko galimoto ina yatsitsa usipa wambiri, ogulitsa achita mantha, wina mpaka wagulitsa pa K14,000. Amayi ooda atamva kuti watchipa, akhamukira komweko, mtengo n'kuyambanso kukwera. Masana wina wagula pa K22,000, ndipo chidebe chomaliza madzulo chapita pa K21,000. Tsiku lonselo lili mu manambala anayi: poyambira, pamwamba penipeni, pansi penipeni, ndi potsekera. Kandulo ndi chithunzi cha manambala anayiwo basi. Ngakhale amene anayambitsa kajambulidwe kameneka anali amalonda a mpunga a ku Japani, osati akatswiri a makompyuta.

Pa MT5, pulogalamu yochitira malonda a foreksi, manambalawa amalembedwa O, H, L ndi C, motsatana momwemo. Chigawo chonenepa chija, chomwe timati thupi, chimachokera pa O kukafika pa C. Ngati mtengo watseka pamwamba pa pomwe unayambira, thupi limakhala lobiriwira kapena loyera, ndipo O ali kunsi kwa thupi, C kumtunda. Ukatseka pansi, thupi ndi lofiira kapena lakuda, O ali kumtunda, C kunsi. Apa pamasokoneza ambiri, chifukwa amaganiza kuti poyambira nthawi zonse ndi kunsi. Mitundu imasinthika mu pulogalamu, choncho musakhulupirire mtundu wokha musanaone manambala. Timizere towonda totuluka pamwamba ndi pansi, tomwe anzanu ena amatitcha mawiki, ndi zingwe ngati cha kandulo yoyatsa magetsi akazima. Nsonga ya chingwe chapamwamba ndi H, ya chapansi ndi L.

Titenge kandulo ya H4, kutanthauza kuti yasonkhanitsa maola anayi. Manambalawa ndangopeka kuti tiwerengere:

```
EUR/USD H4
O 1.0850  H 1.0870  L 1.0790  C 1.0862
```

Pa EUR/USD, mtengo ukasuntha ndi 0.0001 timati ndi pipu imodzi. Thupi ndi 1.0862 kuchotsa 1.0850, mapipu 12, lobiriwira. Chingwe chapamwamba chayambira pa C kufika pa H, mapipu 8. Chapansi chayambira pa O kutsika mpaka pa L, mapipu 60. Ndiye kuti chingwe chapansi chatalika kasanu kuposa thupi. Kandulo yotere amaitcha hamala, ndipo ambiri amafuna kuti chingwe chapansi chitalike kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi thupi, chapamwamba chikhale chachifupi kapena pasakhale n'komwe.

Nkhani yake ndi ya usipa ija. Ogulitsa anakankhira mtengo pansi mapipu 60, koma kumeneko anakumana ndi ogula okwanira kuubweza wonse, n'kuonjezapo 12. Mtengo unafika pa 1.0790 koma sunagone pamenepo. Chingwe chachitali pamwamba chimanena zosiyana: ogula anakwera nawo, ogulitsa n'kuwabweza. Zonsezi ndi zomwe zachitika kale. Kandulo sinalonjeze kanthu za maola anayi akubwerawo, monga momwe kuthamangira kwa amayi ooda lero sikungaletse galimoto zina zitatu kufika ndi usipa mawa.

Tsopano pomwe ndikukayikira kuti munagwera. Kodi kanduloyo inali itatseka? Kandulo ikadali yamoyo, C wake ndi mtengo wa nthawi yomweyo, ndipo amangoyendayenda. Pa ola lachitatu mutha kuona hamala yokongola, chingwe cha mapipu 60. Mu ola lomaliza mtengo n'kutsikanso kufika pa 1.0795, chingwe chija n'kumezedwa, kutsala thupi lofiira la mapipu 55 ndi kachingwe ka mapipu 5. Ndi kandulo yomweyo, koma uthenga watembenuka. Ine izi zinandichitikira ndili mu minibasi yochokera ku Luwinga. Ndinaona chingwe, ndinadina Buy kuopa kuti netiweki ithawa, pofika m'tauni hamala ija kunalibe. Kuyambira pomwepo sindiwerenga kandulo yomwe sinatseke. Dziwaninso kuti wotchi ya pa MT5 ndi ya seva ya buloka wanu, kampani yomwe munatsegulako akaunti, ndipo imatha kusiyana ndi nthawi ya kuno, ndiye onetsetsani kuti H4 wanu amatseka nthawi yanji pa wotchi ya pa foni.

Chachiwiri ndi malo omwe kanduloyo yaima. Hamala imakhala ndi tanthauzo ikabwera mtengo utatsika kwa nthawi ndithu, makamaka chingwe chikagunda pamalo pomwe mtengo unabwererapo kale m'mbuyomu. Kandulo ya maonekedwe omwewo ikabwera pamwamba, mtengo utakwera kwa masiku, dzina limasintha, amaitcha munthu wopachikidwa, ndipo imawerengedwa ngati chenjezo loti ogulitsa ayamba kuonetsa mphamvu. Ikakhala pakati pa tchati pomwe mtengo ukungozungulira, ine ndimangoidutsa. Anzanu aja anakuuzani za chingwe, koma sanakuuzeni kuti muyang'ane kumanzere kwake.

Pali chomwe kandulo imabisa: siinena kuti chinayamba n'chiti, H kapena L. Mwina mtengo unatsika kaye kenako n'kukwera pang'onopang'ono maola atatu, mwina unagwa n'kudzuka mu mphindi ziwiri. Kuti mudziwe, tsikirani pa M15, tchati ya makandulo a mphindi 15, pomwe H4 imodzi imagawika makandulo 16. Ngati chingwe chonse chapangidwa ndi kandulo imodzi ya M15, funsani kuti inali nthawi yanji. Malipoti a ntchito a ku Amerika, omwe pa kalendala amalembedwa NFP, amatuluka kawirikawiri Lachisanu loyamba la mwezi, 14:30 kapena 15:30 nthawi ya kuno malinga ndi nyengo, ndipo amasiya zingwe mbali zonse ziwiri. Chimodzimodzi cha m'ma 23:00 kapena pakati pa usiku, tsiku la malonda likamatha ku New York: ogula ndi ogulitsa amachepa, mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira umakula, tchati n'kutulutsa chingwe chomwe buloka wina mwina alibe. Chingwe chotero sindichiwerengera ngati umboni woti ogula alimba.

Nanga zonse zikakhala bwino, hamala yatseka, ili pamalo oyenera? Ambiri amadikira kuti mtengo udutse H wa hamalayo, tinene kulowa pa 1.0875. Stop Loss, malire omwe malonda amatsekeka okha mukamaluza, imakhala kunsi kwa nsonga ya chingwe, tinene pa 1.0785, chifukwa mtengo ukadutsa pamenepo ndiye kuti ogula aja agonja ndipo chifukwa chomwe munalowera chatha. Mtunda wake ndi mapipu 90. Loti ndi muyeso wa kukula kwa malonda omwe mwatsegula, ndipo pa loti ya 0.01 ya EUR/USD pipu imodzi ndi masenti 10 a dola, choncho mwaika pachiswe madola 9. Ngati mu akaunti muli madola 50, ndalama imeneyo yatsala pang'ono kukwana gawo limodzi mwa magawo asanu a mpamba wanu, pa kandulo imodzi. Chingwe chikatalika, Stop Loss imapitanso kutali, ndipo hamala yooneka bwino kwambiri nthawi zina ndi yomwe thumba lanu silingaikwanitse.

Munditumizire chithunzi cha tchati ya dzuloyo, chooneka makandulo 30 a kumanzere, ndi nthawi yeniyeni yomwe munadina Buy. Ndikufuna ndione ngati inali itatseka.