Ndalama zalowa kubanki, koma ndi za ndani?

"Ndili ndi holoselo pa Bangula ndipo ambiri amene amapikula kwa ine amatenga katundu pangongole. Akamabweza amaika ndalama kubanki, ena amatuma ana awo kapena makondakitala, ndiye pasitetimenti pamatuluka mayina amene sindiwadziwa. Ena amapereka pang'onopang'ono, ndalama yosafanana ndi invoisi iliyonse. Mwezi ukatha ndimakhala ndi mulu wa mainvoisi ndi sitetimenti, koma osadziwa kuti walipira ndani. Kodi ndingangofananitsa potengera kuchuluka kwa ndalama?"

Ayi mayi, chonde musatero. Ine ndinachitapo zimenezo ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Ndinagwirapo ntchito ya ukalaliki pa holoselo ina ku Nchalo. Tinkagulitsa shuga, mafuta ophikira, sopo, mchere ndi ufa kwa eni magolosale ochokera ku Ngabu, ku Miseu Folo, ku Bereu, ena mpaka kutsidya kwa Shire. Mwezi wina wa Okutobala, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo munthu n'kumamva malata akulira, ndinali ndi makasitomala awiri amene aliyense anali ndi invoisi ya K420,000. Sizinali zodabwitsa, chifukwa anthu a magolosale amakonda kutenga katundu wofanana: mabelo a shuga angapo, zigubu za mafuta, makatoni a sopo. Woyamba anali mnyamata wa pa Ngabu, wolankhula bwino, amene anandiuza pafoni kuti atumiza ndalama sabata yomweyo. Wachiwiri anali mayi wachikulire wa kutsidya, cha ku Fatima, amene sankakonda zoimba foni.

Lachinayi pasitetimenti panatuluka K420,000. Panalembedwa `CASH DEPOSIT` ndi dzina la mwamuna amene sindinamumvepo. Ndinaganiza kuti mnyamata wa pa Ngabu uja wasunga mawu ake ndipo watuma mnzake. Ndinatseka invoisi yake, n'kupitiriza ntchito zina.

Patadutsa masabata awiri, mayi aja anatuma mdzukulu wawo kudzatenga katundu wina. Abwana anayang'ana m'buku n'kunena kuti katundu satuluka mpaka ngongole yakale ithe. Mwanayo anabwerera chimanjamanja. M'mawa mwake mayiwo anabwera okha, ulendo wonse uja wa kutsidya, fumbi lili mbuu kumapazi. Sanakalipe. Anakhala pabenchi, anamasula mfundo ya pachitenje, natulutsa kajumbo ka shuga kopindapinda. M'katimo munali kasilipi ka kubanki, chidindo chili pomwepo, tsiku lake Lachinayi lomwe lija, K420,000, dzina la woika ndalama ndi la mkamwini wawo. Anangondifunsa kuti, "Mwananga, ndalama zanga munapatsa ndani?"

Golosale yawo inakhala yopanda shuga ndi mafuta tsiku la msika chifukwa cha ine. Dzina lawo linatchulidwa ngati la munthu wosabweza ngongole pamaso pa mdzukulu wawo. Ndipo kuipa kwa cholakwa chotere n'kwakuti chimapweteka mbali ziwiri. Mnyamata wa pa Ngabu uja, poti buku linkaonetsa kuti alibe ngongole, tinali titamupatsanso katundu wina wa K380,000. Amene tinkamuyesa wopanda ngongole anali ndi ngongole ya K800,000, ndipo zinatitengera miyezi kuti ndalamazo zibwere.

Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupirira kufanana kwa ndalama. Kufanana kumangokuuzani poyambira kufunsa. Umboni ndi kasilipi, nambala ya invoisi yolembedwa poika ndalama, kapena mawu a mwini wake akuti ndi iye anatuma munthuyo, tsiku lakuti, ndalama zakuti. Ndimamva akalaliki ena akuti alibe nthawi yoimbira makasitomala foni. Ine ndimati kuimba foni ndi mbali ya ntchito yofananitsa mabuku, ndipo amene sakuimba sanamalize ntchito. Ndimadananso ndi chizolowezi chofuna kuti mwezi ukamatha chilichonse chioneke chotsekedwa. Ndalama imene simukudziwa mwini wake ikhale payokha, pa tsamba lake. Owerengera ndalama amati sasipensi akaunti. Lembani tsiku, kuchuluka kwake, dzina lili pasitetimenti ndi nthambi kapena ejenti amene inalowera. Ili m'banki, ndiye m'buku la ndalama ilowe kuti buku ligwirizane ndi sitetimenti, koma isachotse ngongole ya munthu aliyense mpaka mwini wake atadziwika. Tsambalo muzilibwerera sabata iliyonse, chifukwa likangokhalitsa limasanduka dzala lotayako zonse zovuta.

Kuno kuchigwa vutoli ndi lalikulu chifukwa cha mmene ndalama zimayendera. Munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka sangatseke golosale tsiku lonse kuti akaime pamzere kubanki. Amapatsa wa kabaza, kondakitala wodziwana naye, mphwake amene akupita kutauni. Ena amakankha kuchokera pa Airtel Money kapena pa Mpamba kupita ku akaunti yanu, ndipo pasitetimenti pamangotuluka nambala ya foni, mwina ya ejenti. Nthawi yogulitsa thonje kapena sabata imene anthu a m'minda ya nzimbe alandira, ndalama zimalowa zambiri tsiku limodzi, zina zofanana ndendende. Palibe amene akulakwa apa, ndi mmene timakhalira. Koma wogulitsa ndiye ayenera kukonza njira. Ine ndinayamba kulemba ndi cholembera chofiira pamwamba pa invoisi iliyonse kuti woika ndalama atchule nambala ya invoisiyo, ndipo akangoika ajambule kasilipi atumize pa WhatsApp. Zithunzizo zinadzathandiza anthu ambiri mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atanyowetsa mabuku m'mashopu. Mapepala anamatirirana, inki inasungunuka, koma sitetimenti munthu ankatha kukatenganso kubanki ndipo zithunzi za pafoni zinalipo.

Komabe chithunzicho pachokha si ndalama. Uthenga wa pafoni umatha kupekedwa, chithunzi chakale chimatha kutumizidwanso kachiwiri. Invoisi musaikhudze mpaka mutaona ndalamayo pasitetimenti yanu, tsiku ndi nambala yake zikugwirizana ndi za pakasilipi. Mukagwiritsa ntchito mzere wa pasitetimenti, ikani chizindikiro pambali pake kuti usadzagwirenso ntchito kawiri.

Akapereka pang'ono

Titenge kasitomala wa ku Tengani amene ali ndi mainvoisi atatu osalipira: nambala 214 ya pa 3 Juni ya K640,000, nambala 229 ya pa 17 Juni ya K385,000, ndi nambala 241 ya pa 28 Juni ya K500,000. Zonse pamodzi ndi K1,525,000. Pa 2 Julaye palowa K700,000 ndipo mwatsimikiza kuti ndi yake.

Choyamba mufunseni ngati ndalamayo ndi ya invoisi inayake, chifukwa wolipira ali ndi ufulu wonena ngongole imene akubweza. Akapanda kunena, yambani ndi yakale kwambiri. K640,000 itseka 214 yonse. K60,000 yotsalayo ipita pa 229, ndipo 229 ikhalabe yotsegula ndi K325,000. Ya 241 simunaikhudze. Ngongole yonse tsopano ndi K325,000 kuphatikiza K500,000, yomwe ndi K825,000, ndipo mukachotsa K700,000 pa K1,525,000 mupezanso K825,000 yomweyo. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana, mwalakwitsa pogawa.

Koma tinene kuti iye akuti ndalamayo ndi ya 241 poyamba, chifukwa pa 214 pali katoni ya sopo imene inafika yonyowa ndipo simunagwirizanebe. Pamenepo K500,000 itseka 241, K200,000 ipita pa 214, patsala K440,000, ndipo 229 ikhala yonse K385,000. Ngongole ndi K825,000 yomweyo, koma chithunzi chasintha: tsopano mukuona kuti pali ndalama yambiri ya kumayambiriro kwa Juni imene ikukalamba, ndipo mukudziwa chifukwa chake. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amangolemba ngongole ya munthu ngati mulu umodzi, kumachotsa zimene wapereka pansi pake. Mkangano ukabuka simungathe kuloza kuti katundu wosalipiridwa ndi uti.

Polemba, ndalama imodzi ikagawidwa pa mainvoisi awiri ikhale mizere iwiri, yonse yokhala ndi tsiku ndi nambala imodzi ya kubanki. Invoisi yeniyeniyo musaisinthe, musafufute K385,000 n'kulembapo K325,000. Lembani zolipiridwa pambali, balansi pambali. Ngati muli ndi Excel, tsamba la mainvoisi likhale ndi nambala ya invoisi mu A ndi ndalama yake mu D, tsamba la `Malipiro` likhale ndi nambala ya invoisi mu C ndi ndalama yogawidwa mu D, ndiye balansi ituluka motere:

```
=D2-SUMIF(Malipiro!C:C,A2,Malipiro!D:D)
```

Ikatuluka ndi chizindikiro chochotsera, mwaika ndalama yopyola invoisi kapena mwalemba malipiro amodzi kawiri. Kasitomalayo mupatseni risiti yonena kuti K640,000 yapita pa 214, K60,000 pa 229, kuti buku lake ndi lanu ziziyenda limodzi.

Pali kupelewera kwina kumene anthu amakuyesa kulipira pang'ono pomwe si choncho. Mukagulitsa katundu ku sukulu yogonera, ku bungwe kapena ku kampani, iwo amadula msonkho asanakulipireni n'kukaupereka ku MRA m'dzina lanu, pokhapokha mutakhala ndi satifiketi yokuchotsani pa msonkho umenewu. Pa katundu amadula 3 peresenti. Invoisi ya K1,200,000 yopanda VAT ilowa kubanki ngati K1,164,000. Mukaona ndalama ya manambala achilendo kuchokera ku bungwe, igaweni ndi invoisi imene mukuiganizira, ikatuluka 0.97, K36,000 yosowayo ndi msonkho. Musawalondole ngati ali ndi ngongole, komanso musaitaye ngati yaluzika. Funsani satifiketi ya msonkho wodulidwawo, chifukwa ndi imene mudzachotsere pa msonkho wanu. Ine ndinkasiya K36,000 yotereyi ikuonekabe pa invoisi mpaka pepalalo litafika m'manja mwanga, kenako ndinkaisamutsira ku tsamba la msonkho wodulidwa n'kutseka invoisi.

Tindalama tating'ono topelewera chifukwa munthu wachotsa zolipira potumiza, gwirizanani ndi makasitomala anu pachiyambi kuti amene azilipira zimenezo ndani. Mukavomera kuzisenza inu, muzilembe ngati ndalama yotuluka ya bizinesi, musangotseka invoisi mwakachetechete.

Pa mulu umene muli nawo panopa, yambani ndi ndalama zimene zili ndi nambala ya invoisi kapena dzina lodziwika, kenako zimene muli ndi masilipi ake. Zotsalazo zilembeni pa tsamba lija la zosadziwika. Mukamaimba foni musatchule kuchuluka kwa ndalama imene mwaona. Mufunseni munthuyo kuti anatumiza zingati, tsiku liti, kudzera mwa ndani, ndipo anene yekha.