Mwendo wa agogo m'chikhakha ndi mayeso a minofu

"Alangizi, ndili chaka choyamba cha fiziyotherapi ndipo ndalakwa mayeso a minofu. Ndimaloweza usiku wonse koma kukamacha zonse zauluka. Bambo akuti ndisiye 'zosisita anthu' ndikayesere udokotala. Nditani?"

Makalata otere ndimalandira chaka chilichonse, ndipo mawu a makolowa amanditopetsa. Koma tiyambe ndi iweyo. Usadzinamize kuti ku udokotala ukapumula. Minofu yomweyi ikakudikira kumeneko, pamodzi ndi mtima, impso ndi chiwindi. Chakugwetsa ndi kuloweza mayina opanda munthu amene akuwanyamula.

Tenga agogo a zaka 70 amene athyoka mwendo pamwamba pa kakolo, awaika chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lochotsa, katumba wafota, ndipo kudzuka pampando mpaka agwirire munthu. Ukafotokoza chifukwa chake, wakhoza mayeso aja.

Mnofu ndi mtolo wa timaulusi, ndipo m'kaulusi kalikonse muli tizigawo tondondozana totchedwa masakomeya, tokhala ndi mapuloteni otchedwa akitini ndi mayosini. Uthenga wochokera ku ubongo ukafika, kashiamu amatuluka m'nkhokwe yake n'kukamatira pa puloteni ina yotchedwa toroponini, ndipo malo ogwira pa akitini amavundukuka. Mitu ya mayosini imagwira akitini, kukoka, kusiya, n'kugwiranso patsogolo. Akitini ndi mayosini safupika ayi, amangolowererana, sakomeya n'kufupika. Izi zinadziwika mu 1954. Pamene ophunzira ambiri amagwera ndi pa ATP, chinthu chonyamula mphamvu m'maselo a thupi: amaganiza kuti ntchito yake ndi kupereka mphamvu yokokera basi, chonsecho mayosini sangasiye akitini popanda ATP watsopano. N'chifukwa chake thupi la munthu womwalira limauma gwa.

Timaulusi si tofanana. Yang'ana nkhuku yachikuda. Ntchafu ndi yodera chifukwa imayenda tsiku lonse, pomwe chidali n'choyera poti mapiko amangogwira ntchito pothawa mphamba. Timaulusi ta mtundu woyamba ndi tofiira, timakoka pang'onopang'ono, timadalira mpweya wa okosijeni ndipo sititopa msanga. Ta mtundu wachiwiri timakoka mwachangu ndi mwamphamvu koma timatopa msanga, makamaka ta gulu lotchedwa IIx. Ta gulu lina la mtundu womwewu, lotchedwa IIa, tili pakatikati.

Tsopano bwerera kwa agogo. Mkati mwa katumba muli mnofu wotchedwa soliyasi, wodzaza ndi timaulusi ta mtundu woyamba, umene umatigwiriza tikaima. Unazolowera kusenza thupi tsiku lonse, choncho ukasowa katundu umafota msanga, chifukwa thupi limachepetsa kupanga mapuloteni ake. Mphamvu zimatha mofulumira kuposa mmene mnofu umafotera, poti ubongo nawo umayamba kulephera kuitana timaulusi tonse nthawi imodzi. Phazi likamangidwa zala zitaloza pansi, mnofu umakhala wofupika ndipo umataya masakomeya ena, kotero chikhakha chikachoka chidendene chimakana kufika pansi.

Ukalamba unali utadya kale mbali inayo. Munthu akapitirira zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo akadutsa 60 zimathamanga. Vutoli linapatsidwa dzina loti sakopeniya mu 1989, ndipo limakantha kwambiri timaulusi ta mtundu wachiwiri, tija tomwe timaponya phazi msanga munthu akapunthwa. Agogo ako ndiye aluza konsekonse.

Ungadziwe bwanji? Yeza katumba wa miyendo yonse iwiri ndi tepi pamalo ofanana. Fupa likalumikizana ndipo aloledwa kuponda, awuze adzuke ndi kukhala pampando kasanu manja ali pachifuwa. Akapitirira masekondi 15, miyendo yafooka.

Chithandizo chake chimachokera m'phunziro lomweli. Thupi limayamba kuitana timaulusi ta mtundu woyamba, ndipo ta wachiwiri timalowa pokhapokha ntchito ikalemera kapena ikafuna changu. Kuyendayenda pabwalo kokha sikokwanira. Agogo ayambe kukunga minofu ya ntchafu adakali m'chikhakha, kenako adzazolowere kukankha ndi kunyamula zolemera, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Usanene kuti akalamba kwambiri. Kafukufuku wa ku Boston wa 1990 anaonetsa kuti nkhalamba za zaka za m'ma 90 zinawonjezera mphamvu za ntchafu koposa kawiri m'masabata asanu ndi atatu.

Bambo ako uwafotokozere mwaulemu nkhani ya agogoyi, uwafunse ngati kusisita kokha kungawaimiritse. Ngati akukayikabe, afunse ntchito imene imachitika ku chipatala cha fiziyotherapi cha Kachere ku Blantyre.

Iweyo tseka buku, utenge pepala ujambule sakomeya, kenako ufotokozere mnzako mokweza kuyambira pa kashiamu mpaka pa chidendene chokana kufika pansi. Pamene wakakamira m'pamene ubwerere m'buku. Mayeso amodzi a chaka choyamba amabwezeka, bola kuchezera usiku n'kuloweza kuthe sabata ino.