Mwana Akatenga Dzina la Apongozi

"Agogo, ine ndine mtengwa, ndipo mwana wanga woyamba amutcha dzina la apongozi anga aamuna. Kodi ndizimuitana bwanji?"

Mdzukulu wanga, dzina limenelo likadali la mwini wake ngakhale kuti khandalo lagawiridwako. Ukaima pakhonde n'kulifuula kuti mwana abwere kudzasamba, apongozi ako ali khale pamphasa pafupi pomwepo, anthu amamva ngati mtengwa akuitana mkulu wa pakhomo monga kamwana. Zimaipa kwambiri tsiku limene mwanayo walakwa iwe n'kumukalipira, pakuti mawu aukaliwo amagwera onse awiri, mdzukulu ndi agogo ake omwe.

N'chifukwa chake mwana wotere amakhala ndi dzina lina la pakhomo. Ukambirane ndi amuna ako, kenaka ufikire apongozi ako aakazi kapena azakhali a mwanayo, kuti iwo ndiwo alitchule poyamba. Ukalisankha wekha mwakachetechete, ena adzati wakana dzina limene akuluakulu anapereka, pamene iwe unali kulisunga. Amayi ena safuna n'komwe dzina lachiwiri, amangomuitana mwanayo kuti "agogo" kapena "bambo". Ine njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa mkulu uja akaimva amadziwa kuti ulemuwo ndi wake.

Pali msampha umodzi umene atengwa ambiri sauona. Mwambo wathu ndi woitana munthu wamkulu kudzera mwa mwana wake woyamba, monga "bambo a Chikondi" kapena "amake Chikondi", koma pakhomo pako njira imeneyi yatsekeka, popeza ukati "bambo a uje" kwa amuna ako, dzina lomwe ukulipewa lija watchula kale. Pamenepo gwiritsa ntchito dzina la pakhomo lija, kapena mfunda. Amuna ako akakhala a kwa Phiri uziti "aPhiri", ndipo apongozi ako aakazi, ngati anabadwira kwa Banda, ndi "aNabanda". Apongozi aamuna pamaso pawo ungoti "bambo", ndipo polankhula ndi ana uziti "agogo anu".

Mwambowu uli ndi malire ake. Kuchipatala, kusikelo ya ana ndiponso polembetsa sukulu, dzina lenileni liyenera kulembedwa molondola, chifukwa ukapereka la pakhomo lija, mapepala a mwana adzasemphana ndipo adzavutika nawo atakula. Ngati apongozi ali pomwepo, upereke buku la kuchipatala kuti namwino awerenge yekha, kapena amuna ako atchule. Ukakhala wekha, ulitchule momveka bwino, palibe mlandu.

Lilime likaterereka pakhomo, usachite ngati palibe chachitika. Ugwade, upepese mwachidule, ndipo ngati waona kuti nkhope za akuluakulu zagwa, utume azakhali a mwanayo akakupepesere madzulo a tsiku lomwelo.